Invoisi yomata mu Excel ikakana kugawika, iduleni kuchokera kumanja

Opikulitsa katundu ambiri a ku Lusaka masiku ano amatumiza invoisi pa WhatsApp, ena ngati PDF, ena amangolemba mu uthenga momwemo. Wa shopu kuno ku Chipata, kaya ku Kapata kaya ku Down Shops, amafuna manambalawo akhale m'tebulo kuti aone kuchuluka kwa katundu, mtengo wa chimodzi ndi ndalama zonse za mzere uliwonse, aikepo phindu lake. Vuto limabwera pomata. Mzere wathunthu umagwera m'kabokosi kamodzi ka kolamu A, dzina la katundu ndi manambala zonse pamodzi, ndipo `SUM` imatulutsa 0.

Tigwiritse ntchito invoisi ya sitolo ya zomangira. Mitengoyi ndi yongoyerekezera, koma mmene mizere yasokonekera ndi mmene imabwereradi.

```
Cement 42.5N 50kg 40 165.00 6,600.00
Roofing sheet IT4 3m 25 K210.00 5,250.00
Wire nails 4 inch
25kg box 2 780.00 1,560.00
Y12 deformed bar 12m 30 198.50 5,955.00
PVC pipe 1/2 6m 12 45.00 540.00
Sub total 19,905.00
VAT 16% 3,184.80
Total 23,089.80
```

Chifukwa chake Text to Columns imaononga

Aliyense amathamangira ku `Data`, n'kusankha `Text to Columns`, n'kuchonga `Space`. Chida chimenechi chimadula paliponse pamene chapeza mpata, ndipo sichidziwa kuti mpata uwu uli mkati mwa dzina la katundu, uwo uli pakati pa manambala. Mzere wa simenti uli ndi zidutswa 6, ndiye 40 amagwera m'kolamu yachinayi. Mzere wa malata uli ndi zidutswa 7, ndiye 25 amagwera m'kolamu yachisanu. Pa misomali, 4 wa kutalika kwa msomali amakhala payekha m'kabokosi, akuoneka ngati kuchuluka kwa mabokosi. Paipi ndiye imaonongekeratu: `1/2` akatsala yekha, Excel amamuyesa deti n'kulemba `01-Feb` kapena `02-Jan`, malinga ndi mmene kompyutayo inatcheredwera. Kusintha maonekedwe a kabokosiko pambuyo pake sikubweza theka la inchi lija, kumangoonetsa nambala yaikulu yopitirira 40,000, yomwe ndi mmene Excel amasungira masiku.

Palinso khalidwe lina limene limasokoneza anthu. Mukagwiritsa ntchito `Text to Columns` kamodzi ndi `Space`, Excel amakumbukira, ndipo chilichonse chimene mungamate pambuyo pake amachidula yekha popanda kufunsa. Mukaona invoisi ikumwazika m'makolamu mutangomata, tsekani Excel yense ndi kumutsegulanso.

Tsopano yang'anani mizere ija kuchokera kumapeto. Dzina la katundu likhoza kukhala la mawu awiri kapena asanu ndi limodzi, koma zidutswa zitatu zomaliza sizisintha malo: chomaliza ndi ndalama zonse, chachiwiri kuchokera kumanja ndi mtengo wa chimodzi, chachitatu ndi kuchuluka. Zotsala zonse kumanzere ndi dzina. Njira yonse yagona pamenepa.

Kukonza mizere musanalembe fomula

Kolamu A muisandutse `Text` musanamate, kuti mzere woyamba ndi `-` kapena `=` usayesedwe fomula. Kolamu A yokhayo. Mukasandutsa pepala lonse, mafomula anu adzaoneka ngati mawu osawerengera kanthu, ndipo mudzavutika kufufuza cholakwa pamene fomula ili bwinobwino. Matani kuyambira pa A2, mzere woyamba usiyireni mitu.

Kenako werengani ndi maso, pali ntchito ziwiri zimene dzanja limachita bwino kuposa fomula. Yoyamba ndi mizere yothyoka. Misomali ija ndi katundu mmodzi, koma dzina linatalika pa PDF n'kutsikira pansi, ndiye yabwera ngati mizere iwiri. Lumikizani iwiriyo ikhale `Wire nails 4 inch 25kg box 2 780.00 1,560.00`, n'kufufuta wotsalawo. Mukapanda kutero, chidutswa chapansi chidzawerengedwa bwinobwino, koma katundu wake adzatchedwa "25kg box", ndipo pakatha miyezi iwiri palibe adzakumbuke kuti m'bokosimo munali chiyani.

Yachiwiri ndi mizere itatu yapansi, `Sub total`, `VAT` ndi `Total`. Si katundu ayi. Ichotseni m'kolamu A, koma musaitaye, ilembeni pambali chifukwa tidzaifuna poyesa ngati tebulo lalondola. Ikatsalamo, kolamu ya ndalama idzaphatikiza zonse n'kutulutsa 66,084.60 pa invoisi ya K23,089.80. Mukaona chiwerengero chafika pafupifupi katatu kuposa chimene munalipira, yambirani pamenepo kufufuza.

Tatsala ndi mizere isanu, A2 mpaka A6. Mu B2 lembani fomula yotsuka:

```
=TRIM(SUBSTITUTE(SUBSTITUTE(A2,CHAR(160)," "),",",""))
```

Ikuchita zinthu zitatu. Ikuchotsa mpatuliro, chizindikiro cha `,` chija, kuti 6,600.00 akhale 6600.00. `TRIM` ikufinya mipata iwiri kapena itatu yotsatizana kukhala umodzi. Ndipo `CHAR(160)` ndi mpata wamtundu wina umene umabwera ndi mawu okopera pa imelo, pa masamba a intaneti ndi m'ma PDF ena. Ndi maso sungausiyanitse ndi mpata wamba, koma `TRIM` saukhudza, n'chifukwa chake tikuyamba tausandutsa mpata wamba. Mzere ukamakana pamene ukuoneka wabwinobwino ngati anzake, kawirikawiri wolakwa ndi ameneyu.

Kudula zidutswa zitatu zija

Tiika dzina mu C, kuchuluka mu D, mtengo wa chimodzi mu E, ndalama zonse mu F. Tiyambe ndi F2 chifukwa ndi yosavuta kuimvetsa:

```
=VALUE(SUBSTITUTE(TRIM(RIGHT(SUBSTITUTE(B2," ",REPT(" ",100)),100)),"K",""))
```

Kutalika kwakeko kusakuopseni. Mkati mwenimweni, mpata uliwonse ukusandutsidwa mipata 100, ndiye mawu akutalikirana ngati mapando a maungu, moti ukatema khasu pa phando limodzi sungakhudze linzake. `RIGHT` ikutenga zilembo 100 zomaliza, ndipo m'menemo mungapezeke chidutswa chimodzi chokha, 6600.00, ndi mipata yambirimbiri kutsogolo kwake. `TRIM` ikuchotsa mipatayo, `VALUE` ikusandutsa mawu kukhala nambala yeniyeni yoti n'kuwerengera.

Mtengo wa chimodzi, mu E2, timatenga zilembo 200 zomaliza n'kusunga theka loyamba:

```
=VALUE(SUBSTITUTE(TRIM(LEFT(RIGHT(SUBSTITUTE(B2," ",REPT(" ",100)),200),100)),"K",""))
```

Kuchuluka, mu D2, ndi chimodzimodzi, kungoti 200 wasanduka 300:

```
=VALUE(TRIM(LEFT(RIGHT(SUBSTITUTE(B2," ",REPT(" ",100)),300),100)))
```

Taonani pamene tachotsera K wa kwacha. Sitinamuchotse mu B, pamene mzere uli wathunthu, chifukwa akanachoka paliponse: katundu wolembedwa `Kapenta 10Kg` akanatsala `apenta 10g`. Timamuchotsa chidutswa chitadulidwa kale. Mzere wa malata, wa `K210.00`, ukutuluka 210 popanda vuto.

Dzina la katundu, mu C2, ndi zonse za kumanzere kwa mpata wachitatu kuchokera kumapeto:

```
=LEFT(B2,FIND("|",SUBSTITUTE(B2," ","|",LEN(B2)-LEN(SUBSTITUTE(B2," ",""))-2))-1)
```

Fomulayi imawerenga mipata yonse ya mu mzere, n'kubwerera m'mbuyo kawiri, n'kuika kamtengo ka `|` pamenepo ngati chizindikiro chodulira. Mzere wa simenti uli ndi mipata 5, ndiye kamtengo kakhala pa mpata wachitatu, ndipo dzina lituluka `Cement 42.5N 50kg`. Paipi ituluka `PVC pipe 1/2 6m`, theka lija lili bwinobwino, chifukwa silinakhalepo lokha m'kabokosi.

Amene ali ndi Microsoft 365 akhoza kufupikitsa ndi `=TEXTBEFORE(B2," ",-3)`. Ine ndimakondabe yaitaliyo. Makompyuta ambiri a m'mashopu ndi m'maofesi athu ali ndi Excel 2016 kapena 2019, omwe `TEXTBEFORE` samuzindikira, ndipo fayilo ikapita kwa owerengera ndalama imakatulutsa `#NAME?`. Yaitaliyo imagwira pa Excel wakale, pa watsopano, ngakhalenso pa Google Sheets.

Kokerani mafomula onse mpaka mzere wachisanu ndi chimodzi. Nambala yeniyeni imatsamira kumanja kwa kabokosi, mawu amatsamira kumanzere. Mukaona ina yatsamira kumanzere mu D, E kapena F, idakali mawu, ndipo `SUM` idzaidumpha mwakachetechete.

Kolamu yoyesera

Tebulo looneka bwino silitanthauza kuti lalondola. Mu G2 lembani:

```
=ROUND(D2*E2-F2,2)
```

Iyenera kutulutsa 0 pa mzere uliwonse. Simenti: 40 kuchulukitsa ndi 165 ndi 6,600. Zitsulo: 30 kuchulukitsa ndi 198.50 ndi 5,955. Kenako `=SUM(F2:F6)` iyenera kufanana ndi `Sub total` imene munasunga pambali, 19,905.00. Mayeso awiriwa amagwira zolakwa zosiyana. Kolamu G imakuuzani ngati mzere unadulidwa molakwika, pomwe `SUM` imakuuzani ngati mzere wina unasowa pokopera, monga uja wotsala patsamba lachiwiri la PDF. Mizere yonse ikhoza kuonetsa 0 katundu mmodzi atasowa.

Ena amachotsa kolamu F n'kulemba `=D2*E2` m'malo mwake, poganiza kuti apulumutsa ntchito. Musatero. Ndalama zonse zimene wogulitsa analemba ndiye umboni wokhawo wakuti kuchuluka ndi mtengo zadulidwa bwino. Mukadziwerengera nokha, tebulo lidzagwirizana ndi lokha nthawi zonse, ngakhale 4 wa inchi atalowa pa kuchuluka.

G akapanda kutulutsa 0, gawani ndalama zonse ndi zimene munayembekezera, `=F2/(D2*E2)`, chifukwa yankho lake limaloza gwero la vuto. Likakhala 1.16, ndiye kuti wogulitsa analemba mtengo wopanda msonkho koma ndalama zonse anaikamo kale VAT, yomwe m'Zambia muno ndi 16 peresenti. Simenti ija ikanaoneka 40, 165.00, 7,656.00. Apa m'pamene ambiri amataya ndalama pamapepala: pofuna kuchotsa msonkho amachotsa 16 peresenti pa 7,656 n'kupeza 6,431.04. Kolondola ndi kugawa ndi 1.16, zomwe zimabweza 6,600. Kusiyanako ndi K168.96 pa mzere umodzi wokha. Kumbukiraninso kuti si katundu yense amene ali ndi VAT, choncho pa invoisi yosakaniza mizere ina idzaonetsa 1.16 ina 1, ndipo kugawa invoisi yonse ndi 1.16 kudzalakwitsa.

Likakhala 0.95 kapena 0.9, wogulitsa anakuchotserani 5 kapena 10 peresenti pa mzerewo. Likakhala nambala yathunthu monga 12 kapena 24, kuchuluka kwalembedwa m'makatoni pomwe mtengo ndi wa chimodzi, ndiye sankhani muyeso umodzi musanaike mitengo pa shelefu. Kusiyana kwa ngwee imodzi kapena ziwiri kusakudetseni nkhawa. Zinthu zitatu za K100 zimalembedwa 33.33 chilichonse, ndipo G adzaonetsa -0.01. Khulupirirani ndalama zonse za wogulitsa pamenepo.

#VALUE! akaonekera

Akaonekera pa mzere umodzi, yang'anani mawu atatu omaliza a mzerewo mu B. Nthawi zambiri pali liwu lowonjezera limene lakankha anzake. Wogulitsa akalemba `K 210.00`, ndi mpata pakati, K amakhala chidutswa payekha n'kukhala pamalo pa kuchuluka. Mankhwala ake ndi kukuta fomula ya B ndi `SUBSTITUTE` ina yosandutsa `" K "` kukhala `" "`. Mipata ya mbali zonse ziwiri ndi imene imateteza mayina a katundu. Invoisi zina zili ndi kolamu ya muyeso, monga `40 bags 165.00 6,600.00`. Ngati mizere yonse ili choncho, kuchuluka ndi chidutswa chachinayi: 300 asanduke 400 mu D, ndipo `-2` asanduke `-3` mu C. Ngati muyesowo uli pa mizere ina yokha, n'kwapafupi kuuchotsa ndi dzanja.

Mawu otengedwa pa chithunzi cha invoisi ali ndi matenda awoawo. Foni imawerenga 0 ngati chilembo O, 1 ngati l, ndipo `165.OO` sangasanduke nambala. Zoopsa kwambiri ndi pamene yawerenga 3 ngati 8, chifukwa apo palibe `#VALUE!`, nambala imalowa bwinobwino, ndipo kolamu G ndi imene ingaigwire.

Akaonekera pa mizere yonse ya E ndi F, kapena Excel akakana ngakhale kulandira fomula, vuto si invoisi, ndi kompyuta. Lembani `=1/2` m'kabokosi kopanda kanthu. Mukaona `0,5` m'malo mwa `0.5`, makinawo anatcheredwa kuti mpatuliro ndiye wolekanitsa kwacha ndi ngwee, monga zimakhalira pa malaputopu otcheredwa mwa ku South Africa. Makina otere samvetsa 165.00, ndipo m'mafomula amafuna `;` pamene ife talemba `,`. Pitani ku `Control Panel`, `Region`, `Additional settings`, muike `.` pa `Decimal symbol` ndi `,` pa `List separator`, kenako mutsegulenso Excel. Pa Google Sheets zimenezi zili pa `File`, `Settings`, `Locale`.

Chimene ndingakuletseni ndi kukuta mafomulawa ndi `IFERROR` kuti `#VALUE!` asanduke 0 kapena kabokosi koyera. Tebulo limakongoladi, koma mzere wolephera umatuluka m'chiwerengero popanda wodziwa. Chizindikiro chonyansacho chili ndi ntchito, chisiyeni chioneke mpaka mutakonza mzerewo.

Invoisi zimene njirayi siingathe

Fomula ya B ikuganiza kuti mpatuliro ndi wa masauzande. Invoisi zochokera ku Mozambique, zodzera pa Chanida kwa anzathu a ku Katete, ndiponso zina za ku South Africa, zimalemba 6.600,00 kapena 6 600,00. Mukachotsa mpatuliro pamenepo, 165,00 amasanduka 16500, ndipo mpata wa mu 6 600,00 umadula nambala imodzi pawiri. Ya kadontho ija njosavuta: mu B chotsani kaye madontho, kenako musandutse mpatuliro kukhala kadontho, podziwa kuti `42.5N` m'dzina adzaonongeka ndipo mudzamukonza ndi dzanja. Ya mpata ndiye palibe fomula yachidule yodalirika, chifukwa `12 450,00` akhoza kukhala nambala imodzi kapena zinthu 12 za 450. Chotsani mipatayo ndi dzanja, invoisi ili pambali. Za ku Lilongwe zodzera pa Mwami zimalemba manambala ngati ife, koma chizindikiro chake ndi MK, ndiye `"K"` mu E ndi F asanduke `"MK"`. Muikenso kolamu yonena mtundu wa ndalama, chifukwa zonse ziwiri zimatchedwa kwacha koma mphamvu zake zimasiyana kutali.

Ma PDF ena amakopereka motsika: mayina onse a katundu poyamba, kenako kuchuluka konse, kenako mitengo yonse. Apo palibe chodula. Tengani gulu lililonse mulimate m'kolamu yake moyandikana, mutsimikize kuti magulu onse ali ndi mizere yofanana, chifukwa dzina limodzi lothyoka limatsetsereza mayina onse a pansi pake. Kolamu G singaone zimenezi, popeza manambala amakhala akugwirizana okhaokha pamene dzina lili la katundu wina. Yerekezani mzere woyamba, wapakati ndi womaliza ndi invoisi yeniyeni.

Za pa WhatsApp sizivuta kwenikweni. Mukakopera mauthenga angapo nthawi imodzi, uliwonse umabwera ndi nthawi, deti ndi dzina la wotumiza kutsogolo. Popeza tikudula kuchokera kumanja, manambala sakhudzidwa, zinyalalazo zimangolowa mu C, ndipo mumazichotsa mosavuta.

G akaonetsa 0 ponseponse ndipo `SUM` yagwirizana, koperani C mpaka F, n'kumata pa pepala lina ndi `Paste Special`, `Values`, kuti manambala asadalirenso kolamu A. Pepala la mafomula lisungeni momwe liliri, mwezi wamawa mudzangofufuta mawu a mu A n'kumata invoisi yatsopano. Ngati wogulitsa ndi yemweyo mwezi ndi mwezi, ndipo invoisi yake imachokera m'makina osati pa bolopeni, mufunseni ngati angatumizenso fayilo ya Excel kapena CSV pamodzi ndi PDF. Mapulogalamu ambiri owerengera ndalama amatha kutulutsa fayilo yotere, ndipo imabwera makolamu atagawika kale. Koma tebulo lanu, ngakhale litalondola bwanji, sililowa m'malo mwa invoisi. Olembetsa VAT asunge invoisi yeniyeni ya msonkho, yokhala ndi TPIN ya wogulitsa, chifukwa ndi imene a ZRA adzafune kuona.